Vitz yanga inasiya kunjenjemera pa maloboti

Mafuta atasowa ndinagula petulo wa m'zigubu kangapo, ndipo Vitz yanga inayamba kunjenjemera ndikaima pa maloboti. Kabotolo koyamba ka mankhwala othira mu petulo kamene ndinathira kanalonjeza mphamvu zochuluka ndi kupulumutsa mafuta, koma sikanalembe zomwe zili m'kati. Ndalama zinangopita.

Makaniko wina ku Biwi atalumikiza kompyuta, inaonetsa P0171, kutanthauza kuti mpweya ukuposa mafuta. Mapaipi a mpweya sanali kudontha, choncho tinakayikira mainjekita. Anati ndiwerenge kuseri kwa botolo, ndifune zilembo za PEA, chidule cha mankhwala otchedwa polyetheramine. Mankhwala amenewa amasungunuladi utoto wouma umene umatseka timabowo ta injekita, ndipo sapserera msanga m'kutentha kwa injini.

Ndinathira botolo limodzi lokhala ndi PEA, kudzaza thanki, n'kupita ku Dedza ndi kubwerera. Kunjenjemera kunachepa koma sikunathe.

Chotsalacho chinali sefa ya pampu ya m'thanki, yodzaza dothi la m'zigubu zija. Dothi silisungunuka ndi mankhwala, tinachita kusintha sefayo, ndipo kunjenjemera kunatha. Mafuta ikumwa monga inkamwera isanadwale, osati kuchepera apo. Za maginito omata pa paipi ya mafuta, amene ena amati amapulumutsa mafuta, makaniko anangoseka.