Malangizo kwa aphunzitsi: mafunso atatu othandiza ana amanyazi kulankhula za cithunzi

Njira iyi yokambirana cithunzi ndi ana imadziwika ndi zilembo za VTS, zoimira mawu a Cingelezi akuti Visual Thinking Strategies. Anaikonza ku America ndi Abigail Housen, katswiri wa kaganizidwe ka munthu, pamodzi ndi Philip Yenawine amene anali mkulu wa zamaphunziro pa nyumba yosungiramo zaluso ya MoMA ku New York. Cithunzi cimodzi cimatenga mphindi 15 kapena 20.

Sankhani cithunzi cokhala ndi anthu amene akucita cinacake, koma nkhani yake isakhale yoonekeratu. Musayambe ndi cipilala ca ufulu ca mu Lusaka, ca mwamuna wodula unyolo uja. Ana ocangamuka anamva kale tanthauzo lake, adzangolakatula za 1964, ndipo wamanyazi adzaona kuti yankho lapezeka kale. Bisani mutu wa cithunzi ndi dzina la wojambula. Pacikani pamene aliyense aona, ndipo ngati kalasi ndi lodzaza, a kumbuyo abwere kudzakhala pansi kutsogolo.

Uzani ana ayang'ane mwakacetecete kwa mphindi imodzi yathunthu. Aphunzitsi ambiri amadula mphindi iyi cifukwa cete amawasowetsa mtendere, koma ndi nthawi yokhayo imene mwana wocedwa kutsegula pakamwa amakonza zoti anene, anzake asanakweze manja.

Funso loyamba ndi ili: "Kodi n'ciani cikucitika pa cithunzi ici?" Musalisinthe kukhala "Mukuona ciani?" cifukwa mudzangolandira mndandanda wa mtengo, mai, galu. Mwana akanena maganizo ake, funsani laciwiri: "Waona ciani cimene cakupangitsa kunena conco?" Mukamaliza naye, tembenukirani kwa onse ndi lacitatu: "N'ciani cina cimene tingapeze?"

Laciwiri ndilo limafuna kusamala. Mukalifupikitsa n'kunena kuti "Cifukwa ciani?", mwana amamva ngati walakwa, pakuti kunyumba funso limenelo limabwera mbale ikasweka. Funso lathunthu limabweza maso ake pa cithunzi, osati pa nkhope yanu. Lifunseni ndi mawu ofewa, inunso mukuyang'ana cithunzico.

Tiyerekeze kuti mwapacika cithunzi ca amai atatu pa cigayo, ndipo kamtsikana kaima patali kananyamula thumba. Mnyamata wina akuti amai aja akukangana. Mwamufunsa cimene waona, wayankha kuti mmodzi watambasula dzanja. Inu lozani dzanjalo ndi kubwereza m'mawu anu: "Iwe ukuganiza kuti mwina pali mkangano, poona dzanja lotambasulidwa ili." Mawu oti "mwina" musawasiye, ndiwo amasiyira ena malo. Tsopano mtsikana amene sanalankhulepo temu yonse wanong'ona kuti, "Akumuitana." Musamuuze kuti akweze mawu. Senderani pafupi, mverani, ndipo mawu ake muwakweze ndinu: "Mnzathu akuona kuti mwina dzanja lomweli likuitana mwana uyu. Waona ciani cimene cakupangitsa kunena conco?" Akangoloza kamtsikana ka thumba osanena kanthu, landirani kulozako ngati yankho, muchule cimene waloza. Kenaka lumikizani: dzanja limodzi, wina waona mkangano, wina waona kuitana. Kalasi lonse lamva kuti liwu limodzi la mtsikana wamanyazi uja lasintha nkhani.

Cenjezo lalikulu: musanene "wakhoza" kapena kuombetsa m'manja, ngakhale yankho likukomereni. Tinazolowera kutero, ndipo ndi mtima wabwino, koma mukayamikira mmodzi, otsalawo amaganiza kuti zimene anali nazo n'zolakwika. Aliyense alandire zofanana: kulozeredwa, kubwerezedwa, kufunsidwa. Ngakhale wonena kuti thumba lija muli njoka, m'funseni cimene waona. Ena akaseka, inu pitirizani kubwereza mawu ake mwaulemu, kusekako kumatha kokha.

Kumene kunacokera njirayi amadalira ana kukweza manja. M'makalasi athu a ana ambiri ndimalangiza kuonjezapo ici: ikatha mphindi ya cete, aliyense auze woyandikana naye cinthu cimodzi. Wamanyazi akacinena kamodzi kwa mnzake, kacikenanso sikalemera. Muloleni ayankhe m'Cinyanja, m'Cibemba kapena cinenero ciliconse ca kwao ngakhale phunziro liri la Cingelezi, inu mubwereze m'cinenero ca phunziro. Kumuchula dzina mwadzidzidzi kumamutsekeratu pakamwa.

Mudzadziwa kuti zasokonekera ana akayamba kuyankha onse pamodzi, kapena akamayang'ana inu m'malo mwa cithunzi. Pamenepo imani pambali, bwererani ku funso lacitatu, dikirani. Musayembekeze kuti onse amanyazi alankhula tsiku loyamba, ena amayamba aona kaye kangapo kuti palibe amene wadzudzulidwa. Nthawi ikatha thokozani kalasi lonse osapereka yankho lanu. Mbiri ya wojambula ndi caka ca cithunzi muziphunzitse pa phunziro lina.