Momwe Mungayesere Mawu Awiri Ofotokozera Malo Ogona pa Airbnb ndi Kudziwa Amene Akukopadi Alendo

Mwini malo ogona alendo ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay akasintha mawu ofotokozera malo ake pa Airbnb, kenako sabata yotsatira n'kulandira alendo ambiri, amafulumira kunena kuti mawu atsopanowo ndiwo agwira ntchito. Komatu mwina sabata imeneyo inali ya kumapeto kwa mwezi anthu atalandira malipiro, kapena inayandikana ndi Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, pamene anthu ambiri amakhamukira kunyanja ngakhale mawu a patsamba atakhala osakoma. Ntchito yonse ya kuyesa mawu awiri yagona pa kusiyanitsa zimene mawuwo achita ndi zimene nyengo yachita, ndipo zimenezi zimafuna masabata angapo, kope limodzi ndi masamu ochepa.

Choyamba, lembani mawu awiri amene akusiyana pa chinthu chimodzi chachikulu, ndipo tiwatche mawu A ndi mawu B. Tiyerekeze kuti mawu A, omwe muli nawo kale, akuyamba ndi kukongola kwa malowo: mchenga, kulowa kwa dzuwa ndi bata la usiku. Mawu B ayambe ndi zimene mlendo amada nazo nkhawa asanalipire, monga zoti pali magetsi a sola ESCOM ikathimitsa, madzi otentha osamba, neti pabedi lililonse ndi malo otetezeka oimikapo galimoto. Kusiyana kotere n'kwakukulu moti kungathe kuonekera m'manambala. Kusintha liwu limodzi, monga "okongola" kukhala "osangalatsa", n'kutaya nthawi, chifukwa malo ang'onoang'ono salandira anthu ochuluka mokwanira kuti kusiyana kochepa choncho kudziwike. Sungani mawu onse awiri pafoni kuti posintha muzingokopera osasintha ngakhale chilembo.

Pa nthawi yonse yoyesa musakhudze mtengo, zithunzi, mutu wa tsambalo, kuchuluka kwa masiku amene mlendo ayenera kugona, kapena malamulo obwezera ndalama. Mukatsitsa mtengo pa sabata ya mawu B, simudzadziwanso ngati alendo anakopeka ndi mawu kapena ndi kutchipako. Musatsegulenso tsamba lachiwiri la nyumba yomweyo n'cholinga choika mawu onse awiri nthawi imodzi. Airbnb salola masamba awiri a malo amodzi, mungathe kupereka chipinda chimodzi kwa anthu awiri, komanso tsamba latsopanolo likhala lopanda ndemanga za alendo akale, choncho mpikisanowo sungakhale wachilungamo.

Chachiwiri, sankhani chimene muziwerenga musanayambe, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Munthu akamafufuza malo amaona chithunzi, mutu, mtengo ndi nyenyezi za ndemanga, ndipo mawu ofotokozera amawawerenga pokhapokha atatsegula tsamba lanu. Zimenezi zikutanthauza kuti chiwerengero cha anthu otsegula tsambalo, chimene mungachione pa gawo la Insights la Airbnb, sichikuuzani za ubwino wa mawuwo, poti anthuwo analowa asanawawerenge. Chofunika ndi ichi: mwa anthu amene anatsegula tsambalo, ndi angati amene anachitapo kanthu, kaya kutumiza uthenga wofunsa kapena kusungitsa malo. Munthu mmodzi muwerengeni kamodzi, ngakhale atumize mauthenga asanu kenako n'kusungitsa malo, ndipo mulembeni pa tsiku limene anayamba kulankhula nanu, osati tsiku limene adzafike kudzagona. Mlendo wodzagona mu Disembala amene anasungitsa malo mu Okutobala anakopeka ndi mawu amene analipo mu Okutobala.

Chachitatu, konzani ndondomeko ya masabata. Musaike mawu A mwezi wathunthu kenako mawu B mwezi wotsatira, chifukwa mukatero mukuyerekeza miyezi iwiri osati mawu awiri. Muzisinthanitsa sabata ndi sabata, ndipo sabata iliyonse ikhale yamphumphu, masiku asanu ndi awiri, kuti mawu onse apeze Loweruka ndi Lamlungu mofanana. Kwa masabata 8, ndondomeko yabwino ndi iyi:

```
Sabata:  1  2  3  4  5  6  7  8
Mawu:    A  B  B  A  B  A  A  B
```

Ndondomekoyi ikuoneka yosokonekera koma ili ndi chifukwa. Mukangosinthanitsa A, B, A, B mpaka kumapeto, sabata yachinayi ndi yachisanu n'chitatu zonse zidzagwera mawu B, ndipo ngati amenewo ali masabata a malipiro, mawu B adzapambana chifukwa cha ndalama za m'matumba mwa anthu. M'ndondomeko ili pamwambayi, sabata iliyonse ya mwezi woyamba ikakhala ya A, inzake ya mwezi wachiwiri ndi ya B. Ikuthandizanso ngati chidwi cha alendo chikukwera pang'onopang'ono nyengo yotentha ikamayandikira, pakuti mawu onse ali ndi masabata oyambirira ndi omalizira mofanana.

Muzisintha mawuwo tsiku limodzimodzi ndi ola limodzimodzi, mwachitsanzo Lolemba m'mawa. Ngati n'kotheka, pewani masabata a Khirisimasi ndi Pasaka. Tchuthi chikagwera mkati mwa nthawi yoyesa, lemberanitu m'kope musanaone zotsatira kuti sabata imeneyo simudzaiwerenga, ndipo mudzaibwereze kumapeto. Chimodzimodzinso sabata imene kalendala yanu inali yodzaza kwambiri, chifukwa munthu sangasungitse chipinda chimene palibe, ngakhale mawu atamukoma chotani. Chimene simuyenera kuchita ndi kuchotsa sabata mutaona kale kuti mawu amene mumawakonda sanachite bwino.

Pali vuto limodzi limene ndondomeko iliyonse siingalithetse. Munthu angawerenge mawu A Loweruka, n'kukambirana ndi banja lake, n'kudzasungitsa malo Lachiwiri pamene patsamba pali mawu B. Anthu otere amasakanikirana mbali zonse ziwiri, ndipo zotsatira zake n'zakuti kusiyana kumene mukuona kumachepa kuposa kwenikweni. Ngati mukudziwa kuti alendo anu amatenga masiku ambiri asanasankhe, monga amene amachokera kunja, mawu aliwonse azikhala masabata awiri otsatizana, ngakhale kuti kuyesako kutenga nthawi yaitali.

Masabata 8 akatha, phatikizani manambala a masabata onse a A pawokha ndi a B pawokha. Tiyerekeze kuti m'masabata a A tsamba linatsegulidwa ka 410 ndipo anthu 14 anafunsa kapena kusungitsa malo, pamene m'masabata a B linatsegulidwa ka 395 ndipo anthu 21 anachitapo kanthu. Tikagawa 14 ndi 410 tikupeza 3.4 peresenti, ndipo tikagawa 21 ndi 395 tikupeza 5.3 peresenti. Poyang'ana koyamba mawu B apambana ndithu, ndipo eni malo ambiri angaime pomwepa.

Koma manambala ang'onoang'ono amakwera ndi kutsika okha popanda chifukwa. Mukaponya ndalama yachitsulo ka 35, si zachilendo kuti mbali imodzi ituluke ka 21 ndipo inayo ka 14, ngakhale ndalamayo ilibe mbali imene imaikondera. Funso ndi lakuti kusiyana kwa anthu 7 kukuposa zimene mwayi wokha ungabweretse kapena ayi. Pamene masamba anatsegulidwa pafupifupi mofanana mbali zonse ziwiri, monga 410 ndi 395, pali njira yachidule yoyezera: phatikizani anthu amene anachitapo kanthu a mbali zonse, dinani chizindikiro cha √ pa makina owerengera a pafoni, ndipo yankholo mulichulukitse kawiri. Kusiyanako kuyenera kuposa nambala imeneyo.

```
21 - 14 = 7
2 × √(21 + 14) = 11.8
```

Popeza 7 ndi yochepa kuposa 11.8, simunganene motsimikiza kuti mawu B ndi abwino kuposa A. Sizikutanthauzanso kuti ndi ofanana, koma kuti umboni sunakwane. Malire amenewa akufanana ndi amene akatswiri a ziwerengero amagwiritsa ntchito kawirikawiri, akuti mawu awiri ofanana mphamvu angasiyane chotere mwamwayi pafupifupi kamodzi pa maulendo 20 alionse. Ngati kutsegulidwa kwa tsamba kwasiyana kwambiri, mwachitsanzo 600 ndi 300, njira yachiduleyi siigwira ntchito, ndipo kusiyana koteroko ndi chizindikiro chakuti china chake chinachitika m'masabatawo chimene muyenera kuchifufuza kaye.

Zikatere, onjezani masabata ena 8, ndipo mutsimikize mumtima kuti mudzaweruza akatha onse, osati pakati. Kuyang'ana manambala tsiku ndi tsiku n'kuima pa tsiku limene B ali patsogolo kwambiri kumaononga muyeso wonse, chifukwa mukadikira mokwanira mwayi umaika aliyense patsogolo nthawi ina. Tiyerekeze kuti pakutha pa masabata 16, mawu A ali ndi anthu 27 pa 830 ndipo mawu B ali ndi anthu 46 pa 810, kutanthauza 3.3 ndi 5.7 peresenti. Kusiyana tsopano ndi 19, ndipo malire ndi 2 × √73, yomwe ndi 17.1. Mawu B adutsa malire, ngakhale sanawadutse patali. Bwererani m'kope muone sabata ndi sabata: ngati B anali patsogolo m'masabata ambiri, chikhulupiriro chanu chikhale chachikulu, koma ngati kupambana konse kwachokera ku sabata imodzi yokha, funsani chimene chinachitika sabata imeneyo, mwina kunali ukwati kapena msonkhano pafupi.

Musanasiye mawu A, werenganinso mauthenga enieniwo. Mawu angachulukitse mafunso chifukwa chakuti akusiya chinthu chosamveka, ndipo anthu khumi ofunsa ngati chakudya cha m'mawa chili pamtengo womwewo si umboni wa kupambana. Yerekezani angati mwa ofunsawo analipiradi mbali iliyonse, angati anasintha maganizo n'kubweza malo, ndiponso zimene analemba atachoka. Mawu olonjeza magetsi osathima angakope anthu ambiri, koma ngati mabatire a sola amatha pakati pa usiku fani n'kuima mu Novembala, ndemanga zoipa zidzakhala patsambalo kwa nthawi yaitali kuposa phindu la miyezi inayi.

Ngati masabata 16 atha ndipo kusiyanako kukadali pansi pa malire, sankhani mawu amene ali oona kwambiri ndi amene amakuchepetserani mafunso obwerezabwereza, kenako yesani chinthu china. Chithunzi choyamba ndi mutu wa tsamba zingayesedwe ndi ndondomeko yomweyi ya masabata, kungoti pamenepo chowerenga chimasintha: popeza zimenezo zimaoneka munthu asanalowe, muziyerekeza anthu amene anatsegula tsambalo ndi anthu amene analiona pa mndandanda wa zotsatira pofufuza.