Momwe mungakonzere mphotho ya ophunzira obweretsa anzawo pasukulu yanu ya ntchito zamanja

Pasukulu zing'onozing'ono zophunzitsa kusoka, makompyuta kapena kukonza tsitsi kuno ku Zomba, ophunzira ambiri amabwera chifukwa wina anawauza. Mapepala amene timamata m'mitengo ku Mpondabwino ndi padepoti amangothera kunyowa ndi mvula. Choncho kupereka kangachepe kwa wophunzira amene wabweretsa mnzake n'kwanzeru, bola mudziwe tsiku loti kangachepeko katuluke. Ine ndimayendetsa kasukulu ka zosoka ku Chinamwali, ndiye ndalama zimene nditchule ndi za kwathu. Inu muikemo zanu.

Yambani ndi kuwerengera zimene zimakutsalirani pa wophunzira mmodzi. Musayambire pa fizi yonse, chifukwa fizi si phindu. Kwathu maphunziro a miyezi isanu ndi umodzi ndi K180,000, yolipira katatu, K60,000 ulendo uliwonse, ndi K10,000 ina yolembetsera. Ndikachotsa nsalu zophunzirira, ulusi, singano, mayunitsi a ESCOM, lendi ndi malipiro a mphunzitsi, pamutu umodzi pamatsala ndalama zosapitirira K60,000. Mphotho ichokere pamenepa, ndipo isapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi. Kwathu ndi K15,000. Mukaika yochepa kwambiri, yosakwana n'komwe kabaza wa mlungu umodzi, palibe amene angavutike kukopa mnzake wa ku Songani. Mukaika yambiri, mudzadzaza kalasi koma lendi ikukuvutani.

K15,000 ija muigawe pawiri: K10,000 kwa wobweretsa, K5,000 ichotsedwe pa fizi ya wobwerayo. Mtsikana amachita manyazi kuuza mnzake kuti "bwera kusukulu kwathu" ngati mnzakeyo adzamva pambuyo pake kuti anagulitsidwa. Koma akamati "ukatchula dzina langa akuchotsera K5,000", nkhani imayenda bwino ndipo palibe chobisa.

Tsopano pamene pamafunika kusamala, chifukwa ndi pamene ine ndinagwa chagada: tsiku lopereka mphotho.

Poyamba ndinkapereka K15,000 yonse m'manja tsiku limene mnzakeyo walembetsa. Kulembetsa n'kwa K10,000. Ophunzira sanachedwe kuwerengera masamu amene ine ndinalephera kuwerengera. Munthu ankatenga msuweni wake wa ku Matawale, n'kumulipirira yekha K10,000, msuweni n'kulemba fomu, iye n'kulandira K15,000. Watsala ndi K5,000 ya ulere, amagawana panjira, msuweni osadzaonekanso. Kaundula anadzadza ndi mayina, ine n'kukagula nsalu zambiri ndi kubweza anthu ena ofuna malo enieni poti makina osokera "adzaza". Tsiku loyamba maphunziro, mipando ina inali gwaa, yopanda munthu.

Zizindikiro zinalipo, kungoti chimwemwe chinanditseka m'maso. Wolembetsa weniweni amafunsa mafunso: maphunziro amayamba nthawi yanji, makina alipo angati, satifiketi ndi ya TEVETA kapena ya pasukulu pokha, kodi angalipire pang'onopang'ono. Wobwerekedwa safunsa kanthu, amangoyang'ana kukhomo. Ndalama imatuluka m'chikwama cha womubweretsa. Nambala ya foni imene walemba pafomu imakhala yofanana ndi ya womubweretsayo, kapena mukaimba siipezeka. Ndipo wophunzira mmodzi akabweretsa anthu angapo mlungu umodzi, onse olipira yolembetsera yokha, dziwani kuti pali chinachake.

Mankhwala ake ndi awiri. Oyamba, mphotho isatuluke mpaka wobwerayo atalipira gawo lachiwiri la fizi. Musakhutire ndi gawo loyamba, chifukwa ambiri amene amasiya sukulu amasiya pamene ndalama yachiwiri yafunika. Amene walipira K120,000 ndiye kuti watsimikiza, ndipo mphotho mukuichotsa pa ndalama imene ili kale m'manja mwanu. K5,000 ya wobwerayo nayonso ichotsedwe pa gawo lachitatu, osati loyamba. Achiwiri, kwa wophunzira amene akadali pasukulu, mphotho ikhale yochotsera pa fizi yake, osati ndalama ya m'manja. Munthu sangachite zachinyengo kuti apeze chinthu chimene sangathe kugawana ndi msuweni wake. Lisiti yake ilembedwe momveka: fizi K60,000, kuchotsera K10,000, walipira K50,000, ndi dzina la amene anamubweretsa. Makolo kapena amalume olipira fizi amafuna kuona zimenezi, apo ayi mwana amapempha K60,000 yonse kunyumba.

Ena adzadandaula kuti kudikira miyezi iwiri n'kutalika. Asiyeni adandaule. Ubwino wake, wobweretsa uja amasanduka mlonda wa mnzake: akajomba amamutsatira kunyumba, fizi ikachedwa amamukumbutsa.

Chotsatira ndi kudziwa amene wabweretsa munthu. Ikani mzere umodzi pafomu yolembetsera: "Munamva kwa ndani za sukulu ino?" Wolembetsa alembe yekha, dzina limodzi, tsiku lomwelo, inu mudinde sitampa. Dzina lobwera mawa lake silikuwerengedwa. Popanda lamuloli, anthu awiri adzakangana kuti "ndinayamba kumuuza ndine kutchalitchi", ndipo mlandu wotero sungaweruzike. Samalaninso ndi amene amaima pageti n'kumagwira anthu obwera okha kudzafunsa, n'kuwanong'oneza kuti atchule dzina lawo. Funso limodzi limathetsa zimenezo: "Mumadziwana bwanji?" Ngati wolembetsa sakudziwa kumene womubweretsa amakhala, mzere uja ukhale wopanda dzina. Mlembi wa muofesi ndi aphunzitsi asalowe nawo m'dongosololi, chifukwa mafomu ali m'manja mwawo.

Za makadi osindikiza okhala ndi manambala, musataye ndalama. Wina wosindikiza m'tauni muno ananditengera theka la ndalama, makadi n'kubwera mochedwa, manambala ena obwerezedwa. Buku limodzi lachikuto cholimba likukwana: tsiku, dzina la wobwera, dzina la womubweretsa, tsiku lolipira gawo lachiwiri, ndi saini ya wolandira mphotho. Anyamata amene amabwera n'kunena kuti akupezerani ophunzira makumi awiri a ku Jali kapena ku Thondwe mukawapatsa ya thiransipoti, auzeni lamulo lomwelo la gawo lachiwiri. Sabweranso.

Amene anamaliza kale maphunziro alibe fizi yoti muwachotsere, ndiye atumizireni pa Airtel Money kapena pa Mpamba, muwonjezere kolipira potapa ndalamazo, ndipo uthenga wake muusunge. Amenewa ndiwo amabweretsa anthu abwino, poti makasitomala awo amaona okha ntchito ya manja awo. Ena amakonda sizasi yabwino kapena nsalu m'malo mwa ndalama. Afunseni.

Ikani malire: anthu atatu pa wophunzira mmodzi pa gulu lililonse lolowa, ndipo makina akadzaza dongosolo liime. Musapereke mphotho kwa munthu chifukwa choti amene anamubweretsa wabweretsanso wina. Zimenezo zimafanana ndi mabizinesi achinyengo aja olowetsana, ndipo makolo akangomva fungo lake, dzina la sukulu lawonongeka.

Malamulo onsewa akwane tsamba limodzi. Limateni pakhoma, muliwerenge m'kalasi, chithunzi chake muchiponye pagulu la WhatsApp. Lengezani kukatsala mwezi kuti gulu latsopano lilowe, makamaka zotsatira za MSCE zikangotuluka, pamene achinyamata ambiri akufunafuna chochita. Gulu likamaliza, tsegulani buku lija muwerenge obwera kudzera mwa anzawo amene afika kumapeto. Akakhala ochepa kuposa obwera okha, tsitsani malire kuchoka pa atatu kufika pa awiri.