Momwe mungalembere kalata yofunsira ntchito yopanga magemu muli ndi timagemu titatu tokha

Kampani ya magemu ikalengeza kuti ikufuna wolemba khodi wongoyamba kumene, woti azikonza kaseweredwe ka gemu monga kuyenda, kudumpha, nzeru za adani ndi malamulo a zigoli, chomwe akufuna kuona si digiri yokha. Akufuna adziwe ngati mungayambe chinthu n'kuchimaliza. Inu muli ku Salima kapena ku Nkhotakota, simunalembedwepo ntchito yotere, koma pa laputopu panu pali timagemu toyesera tomwe munapanga. Kalata yanu ili ndi ntchito imodzi basi: kuti woiwerengayo adine linki n'kusewera.

Ntchito zambiri zotere zimachokera kumakampani akunja, choncho kalatayo mudzailemba m'Chingerezi. Ziganizo zachitsanzo zili m'munsimu ndazilemba m'Chichewa kuti muone zoyenera kulowamo.

Sankhani kaye timagemu, kalata ibwere pambuyo

Tengani tiwiri kapena titatu, osapitirira apo. Kagemu komalizidwa ndi komwe munthu wachilendo angatsegule, n'kudziwa mabatani popanda kukufunsani, n'kupambana kapena kugonja, n'kuyambiranso osatseka pulogalamu. Ngakhale katatenga mphindi zitatu zokha, kakwana. Gemu yaikulu ija mwakhala mukuimanga chaka chonse koma sinafike posewereka, isiyeni, musaitchule n'komwe. Chimodzimodzi yomwe munangotsatira phunziro la pa YouTube: olemba ntchito anaionapo kambirimbiri ndipo amaizindikira msanga.

Tiyerekeze mnyamata wa ku Senga Bay amene ali ndi timagemu titatu topangidwa mu Godot, injini yopangira magemu. Koyamba ndi ka asodzi a usipa, wosewera amapalasa bwato usiku, nyali ikukopa nsomba, iye n'kuzizinga ndi chilimira. Kachiwiri ndi bawo yosewera ndi kompyuta. Kachitatu ndi kodumphadumpha komwe anapanga ndi anzake awiri pa mpikisano wa masiku awiri. Ntchito ya kaseweredwe ikatuluka, atsogoze ka usipa, chifukwa m'menemo muli kuyenda ndi khalidwe la nsomba. Bawo ibwere kumapeto, pokhapokha malonda olengeza ntchitoyo atatchula magemu a malamulo ndi nzeru za kompyuta.

Konzani malinki

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. Ikani kagemu kalikonse pa itch.io moti kaziseweredwa mu bulawuza, chifukwa munthu wa muofesi sangafune kutsitsa fayilo ya `.exe` yochokera kwa munthu yemwe samudziwa. Fayilo ya zipi yomwe mukukweza ikhale ndi `index.html`, ndipo muchonge pomwe palembedwa `This file will be played in the browser`. Tsamba latsopano pa itch.io limayamba lili pa `Draft`, ndiye musaiwale kulisintha likhale `Public`. Khodi ikhale pa GitHub, ndipo nayonso ikhale yotsekula kwa onse. Ikakhala pa `Private`, inu mumaiona bwinobwino koma mlendo amangolandira `404`.

Kuti mutsimikize, tsegulani linki iliyonse pa foni kapena kompyuta ya mnzanu yomwe simunalowetsepo akaunti yanu. Pamwamba pa tsamba ikanipo kavidiyo ka masekondi 30 kapena 40 koyamba ndi kusewera kwenikweni, osati dzina lanu likuzungulira pasikirini.

Ndime yoyamba ikhale yaifupi

Tchulani ntchitoyo monga momwe ailembera pamalonda, injini ndi chilankhulo cha khodi chomwe mumagwiritsa ntchito, kenako linki imodzi yotsogolera ku timagemu tonse. Mawu akuti "ndimakonda magemu kuyambira ndili mwana" achotseni, aliyense amalemba zomwezo. Mnyamata wathu uja angayambe motere: "Ndikufunsira ntchito ya wolemba khodi ya kaseweredwe yomwe mwalengeza. Ndimalemba mu GDScript pa Godot, ndipo ndamaliza timagemu titatu tomwe mungasewere mu bulawuza pa linki iyi."

Ndime yapakati: vuto limodzi, ndi momwe munalithetsera

Mtima wa kalata uli apa, ndipo m'pofunika kukhalitsapo. Musafotokoze nkhani ya gemu. Nenani chomwe chinavuta, momwe munadziwira gwero lake, chomwe munasintha, ndi chomwe chinatsatira.

Mu kagemu ka usipa muja muli nsomba 300 zoyenda m'gulu. Kuti zisagundane komanso zisabalalike, nsomba iliyonse inkayeza mtunda wake ndi zinzake zonse 299. Ndiye kuti pa fulemu iliyonse kompyuta inkayeza maulendo 89,700. Gemu yoyenda pa mafulemu 60 pa sekondi imakhala ndi mamilisekondi pafupifupi 16.7 okha oti imalize zonse za fulemu imodzi, choncho nsomba zikachuluka bwato linkayamba kudukizadukiza. Mnyamatayo anatsegula `Profiler` ya Godot n'kuona kuti nthawi yambiri ikuthera pa kuyeza kumeneku. Anagawa nyanja m'timabokosi, kuti nsomba iziyang'ana zokhazo zili m'bokosi lake ndi mabokosi 8 oyandikana nalo.

Mu kalata zonsezi zilowa m'ziganizo zitatu: "Gemuyi inkadukiza nsomba zikafika 300 chifukwa iliyonse inkayeza mtunda ndi zinzake zonse. Nditapeza gwero ndi `Profiler`, ndinagawa nyanja m'timabokosi kuti nsomba iziyeza zoyandikana nazo zokha. Tsopano imayenda pa mafulemu 60 pa laputopu yanga, ndipo khodi yake ili mu fayilo ya `shoal.gd`." Nambala yomwe mwalemba ikhale yomwe munayezadi, chifukwa pa intavyu adzakufunsani kuti munayeza bwanji, pa makina otani.

Kagemu kotsatira mu kalatayo kaonetse kuti mumamvera osewera. Mu kodumphadumpha kaja, anzake amene anakayesa ankadandaula kuti akadina batani m'mphepete mwa thanthwe munthu wawo amangogwa. Khodi inali yolondola, koma zala za munthu zimachedwa pang'ono. Iye anawonjezera kampata ka masekondi 0.1 komwe wosewera angadumphebe atachoka kale pathanthwe. Kwa ine ndime yotereyi imaposa mndandanda wa zilankhulo zisanu za khodi, chifukwa ntchito ya kaseweredwe ndi imeneyi: kuona pomwe wosewera akuvutika n'kukonza. Popeza kagemuka anapanga atatu, anene mosabisa kuti gawo lake linali kuyenda, kudumpha ndi kamera, pomwe zojambula ndi nyimbo anapanga anzake.

Bawo ingopatsidwa chiganizo chimodzi ndi linki.

Injini ikasiyana ndi yawo

Malonda akati Unity ndi C#, kapena Unreal ndi C++, pomwe inu mumadziwa Godot yokha, musanamize. Tengani kagemu kakang'ono kwambiri mukapangenso mu injini yawoyo musanatumize kalata, n'kulemba kuti mwatero. Zimenezi zimamveka kusiyana ndi kulonjeza kuti mumaphunzira msanga.

Kutseka ndi kutumiza

Ngati ntchitoyo ndi yogwirira kunyumba, onani kaye ngati akulandira anthu a dziko lililonse, poti ena amafuna okhala m'maiko omwe atchula. Lembani kuti muli ku Malawi, nthawi ya `UTC+2`, ndi maola omwe mungapezeke. Ngati muli ndi sola kapena batire yosungira moto komanso intaneti yachiwiri ya pafoni, tchulani m'chiganizo chimodzi. Ngati mulibe, musalonjeze. Malizani ndi kunena kuti ndinu okonzeka kuchita mayeso a khodi.

Kalata yonse isapitirire tsamba limodzi, mawu 250 mpaka 300 akwana. Isungeni ngati PDF, dzina la fayilo likhale dzina lanu, ndipo mutsegule PDF yomweyo n'kudina malinki onse kachiwiri musanatumize, chifukwa linki yaitali ikaduka pamzere nthawi zina imasiya kugwira ntchito.