Malangizo kwa Mwini Puloti: Mnansi Akamanga Kulowerera M'malire Mwanu

Malangizo awa ndi a anthu amene ali ndi taitolo ya puloti yao m'dziko la Zambia. Ngati malo anu ndi a kwa mfumu, nkhani yotere iyambire kwa a nyakwawa ndi a mfumu.

Lamulo limaona kuti munthu walowerera malo ngati waponda, wadutsa, waunjika mcenga kapena wamanga pa puloti ya mnzake popanda cilolezo. Simufunikira kuonetsa kuti panaonongeka kanthu, cifukwa kulowako ndiye mlandu. Komabe musanaloze cala munthu, tsimikizani pamene malire enieni ali. Mpanda wa maluwa, mtengo wakale kapena mau a amene anakugulitsani si malire. Malire ndi mabikoni, zizindikiro zimene saveya amaika m'makona a puloti, monga mmene analembedwera pa mapu a saveya amene ali mu taitolo yanu.

Tinene kuti puloti yanu ndi ya mamita 20 m'lifupi ndi mamita 30 m'litali. Mwabwerako ku ulendo, mwapeza mnansi wakumba maziko a mpanda wa mabuloko, ndipo bikoni ya pakona sikuoneka. Tsiku lomwelo jambulani zithunzi zoonetsa ngalande ya mazikoyo, mabuloko ndi malo pamene panali bikoni, ndipo lembani deti. Kenaka itanani saveya amene ali ndi laisensi, kapena pitani ku ofesi ya masaveya a boma ku Unduna wa za Malo, adzapeze mabikoni ndi kukupatsani lipoti lolembedwa. Muuzeni mnansiyo tsiku limene saveya adzabwera kuti adzaone ndi maso ake. Musapime nokha ndi tepi n'kukhomapo zikhomo, ndipo musazule kapena kusuntha bikoni, pakuti umenewo ndi mlandu pansi pa lamulo la kupima malo, Caputala 188.

Saveya akapeza kuti mazikowo alowa mita imodzi ndi theka m'mbali monse mwa mamita 30, ndiye kuti mwalandidwa masikweya mita 45 pa 600. Pamaso kamaoneka ngati kamzere cabe, koma ndi malo okwana cipinda cogona, khichini ndi khonde.

Lembani kalata youza mnansiyo kuti aimitse nchito ndi kucotsa zimene wamanga pofika tsiku lakuti. Phatikanipo kope ya lipoti la saveya, ndipo wolandira asaine pa kope imene mudzasunga. Kope ina mupereke ku dipatimenti ya mapulani ku khonsolo. Lamulo la mapulani a matauni ndi zigawo la 2015 limapatsa khonsolo mphamvu yoimitsa kapena kugwetsa comangidwa popanda cilolezo.

Ngati omanga akupitirizabe, musadikire kuti afike pa denga. Pitani ku Khoti Yaikulu kapena ku bwalo la milandu ya malo la Lands Tribunal, mukapemphe injankishoni yoimitsa nchito mpaka mlandu utaweruzidwa. Khoti imafunsa ngati munafulumira kudandaula, ndipo munthu amene anangopenyerera nyumba ikukwera kwa miyezi amavutika kufotokoza cifukwa cake nkhaniyo yakhala yacangu lero. Pa mlandu weniweniwo mungapemphe kuti cipupaco cigwetsedwe, malo abwezedwe, ndiponso kuti akulipireni.

Mnansi akati wakhalapo zaka zambiri ndiye malowo ndi ake tsopano, musade nkhawa. Gawo 35 la lamulo la kaundula wa malo ndi zikalata, Caputala 185, limanena kuti malo akakhala pa taitolo palibe angawatenge cifukwa cokhalapo nthawi yaitali. Gawo lomwelo limakhudzanso njira. Anthu amene azolowera kudulira pa puloti yanu sapeza ufulu wa njirayo cifukwa ca cizolowezi. Koma musanachinge, onani pa mapu ngati sipanalembedwe mseu kapena njira ya mapaipi ndi nthambo za magetsi.

A polisi saweruza malire. Iwo amalowererapo ngati munthu walowa ndi colinga copalamula mlandu, kukuopsezani, kukunyozani kapena kukusautsani, monga likunenera gawo 306 la malamulo a zilango, Caputala 87. Cilango cake ndi ndende ya miyezi 3, kapena caka cimodzi ngati walowa m'nyumba yokhalamo anthu. Pokadandaula nyamulani taitolo, citupa canu ndi zithunzi zija.

Musasonkhanitse anyamata kuti akagwetse cipupaco usiku, ngakhale lipoti la saveya likhale kumbali yanu. Mungamangidwe pa mlandu woononga katundu dala. Cigamulo cikatuluka ndipo mnansiyo akana kumvera, bwererani ku khoti kuti itume mabelifi a ku ofesi ya Sherifu akacite nchitoyo.