Dzina lachilendo pa sitetimenti ya khadi

"Achimwene, andidula R349 koma dzina la shopu sindikulidziwa, nditani?"

Khalani ndi sitetimenti ya miyezi itatu, ma SMS a banki ndi malisiti pafupi.

1. Tsatani mzere ndi mzere, chomwe mwachizindikira chongani.

2. Pa mzere wotsalawo onani ngati ndi yogula ndi khadi kapena debiti oda. Debiti oda imadula pa akaunti, kutseka khadi sikungaiimitse.

3. Onani deti. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, deti lomwe mudagula limatha kusiyana ndi lomwe banki yalemba, mwagula nyama ku Mayfair Loweruka zikhoza kuoneka Lachiwiri inu n'kumati tsiku limenelo sindidatuluke. Fufuzani SMS ya R349 masiku apitawo, nthawi yeniyeni ili mmenemo.

4. Tsopano dzina. Likayamba ndi Yoco kapena PayFast, imeneyo ndi kampani yolandirira ndalama, shopu ndi mawu otsatirawo ndipo amakhala odulidwa. Nthawi zina limabwera dzina lomwe eni adalembetsa ku CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, osati la pachikwangwani. Tawuni isakusokonezeninso, likhoza kulemba Cape Town inu mudagulira ku Joni konkuno. Dzinalo likopereni pa Google momwe lililimo.

5. Bwererani miyezi yam'mbuyo. R349 yomweyo mwezi ndi mwezi ndiye kuti ndi sabusikripishoni. Funsaninso akunyumba ngati adagwira khadi.

6. Zikakanikabe, imitsani khadi pa apu pompo, imbani nambala ya kuseri kwa khadi munene kuti ndalamayo mukuikana. PIN ndi OTP musauze munthu, olo akuti ndi wa banki.