Momwe mungagwiritsire ntchito Remote Desktop pa hotisipoti bandulo osatha msanga

Mwezi wathawu ndinali kumudzi ku Ntcheu pamene kuofesi ku Lilongwe amafuna malipoti akumapeto kwa mwezi, ndiye njira inali imodzi basi, kuyatsa hotisipoti pa foni, kulumikiza laputopu nkulowa mu kompyuta yakuofesi kudzera pa Remote Desktop. Tsiku loyamba zinandipweteka mtima ndithu. Ndikadina pa selo mu Excel ndimadikira kaye, sikirini kumatsika pang'onopang'ono ngati munthu akutsitsa katani, ndipo pofika masana meseji yoti bandulo yatsala pang'ono inali italowa kale ntchito isanafike ndi pakati pomwe. Ndinazikonza madzulo ake, ndipo izi ndi zomwe ndinachita. Ndikukamba za Remote Desktop Connection yomwe imabwera kale mu Windows, ija timaitsegula ndi `mstsc`.

Choyamba mumvetse chomwe chimadya bandulo. Excel sakuyenda pa laputopu yanu ayi, akuyenda kuofesi komweko, chomwe chimabwera kwa inu ndi chithunzi cha sikirini, ndipo sichibwera chonse nthawi zonse, chimabwera chigawo chokhacho chomwe chasintha. Mukangokhala phee kuwerenga, deta imayenda yochepa zedi. Koma mukasikolola tsamba, kukoka windo kapena pakakhala kanthu kovinavina pa sikirini, chilichonse chasinthacho chimayenera kutumizidwa, ndipo mukulipira ndinu. Ndiye nkhani yonse ndiyakuti chithunzicho chikhale chaching'ono komanso chisamasinthe popanda chifukwa.

Dinani batani la Windows ndi R limodzi, lembani `mstsc` nkudina Enter. Musathamangire pa Connect, dinani kaye Show Options pansi kumanzereko kuti matabu onse aoneke.

Yambani ndi Display. Pali kokoka kena kake pamene pamalembedwa Small mbali ina, Large mbali inayo, ndipo nthawi zambiri kamakhala kumapeto pa Full Screen. Apa mpomwe pali phindu lalikulu kuposa pena paliponse. Sikirini ya 1920x1080 ili ndi timadontho 2,073,600 pomwe ya 1280x720 ili ndi 921,600 tokha, sitikufika ndi theka lomwe, ndiye nthawi iliyonse mukasikolola tsamba lodzaza sikirini, malo oti ajambulidwenso achepa ndi kuposa theka. Kokerani kumanzere mpaka pafike 1280x720 kapena 1280x768 ngati ilipo. Ine ndimakonda ya 768 chifukwa mapulogalamu ena a maakaunti ali ndi mawindo aataliatali, pa 720 mupeza batani la OK kapena Save labisala pansi simukuliona, ndipo mungaganize kuti pulogalamu yafa pomwe ndi sikirini yafupika. Zikatero tulukani, kwezani pang'ono nkulowanso. Ngati pa Use all my monitors for the remote session pali chochonga, chichotseni.

Pansi pake pali Colors. Sankhani High Color (16 bit) mmalo mwa Highest Quality (32 bit). Pamasamu ake, kadontho kamodzi pa 32 kamatenga mabayiti 4, pa 16 kamatenga 2, ndiye chithunzi chimodzi cha 1920x1080 pa 32 chisanapanikizidwe chili pafupi 8.3 MB pomwe cha 1280x720 pa 16 chili pafupi 1.8 MB. Koma apa ndinene chilungamo, musayembekezere kuti bandulo yanu ikhalitsa kanayi chifukwa cha masamu amenewa. Remote Desktop imapanikiza kale chithunzi isanatumize, komanso ngati kompyuta yakuofesi ili ndi Windows 10 kapena 11, kawirikawiri imagwiritsa ntchito njira zake zatsopano zopanikizira ndipo 16 yanuyo siisintha zambiri, pena siyimvera nkomwe. Pomwe imathandiza kwenikweni ndi pa maseva ndi makompyuta akalekale. Mmene mungadziwire ndikosavuta, mukalowa yang'anani malo omwe mtundu umachoka kowala kupita koderapo pang'onopang'ono, ngati mukuona mizeremizere ngati masitepe ndiye kuti 16 yagwira. Pa manambala ndi malemba palibe chomwe mwataya. Koma ngati ntchito yanu ndi yokonza zithunzi kapena mapositala musiyeni pa 32, mitundu ingakunamizeni.

Kenako tabu ya Experience. Pamwamba pamakhala Detect connection quality automatically, ndipo ikakhala pamenepo simungasankhe nokha zochotsa. Isintheni muike Modem (56 kbps). Musadabwe ndi dzinalo, silikutanthauza kuti liwiro lanu latsekeredwa pa 56, likungouza kompyuta inayo kuti njira ndi yopapatiza isamatumize zokongoletsa. Mukatero timabokosi pansipo tionekera, ndipo onetsetsani kuti Desktop background, Font smoothing, Desktop composition, Show window contents while dragging, Menu and window animation ndi Visual styles zonse zilibe chochonga. Ya Show window contents while dragging ija ndi yoipa kwambiri pa deta, chifukwa mukamakoka windo imajambula zonse zamkatimo paliponse windoyo yadutsa, pomwe mukaichotsa mumangoona kamzere kamphepete basi mpaka mutaisiya. Font smoothing yokha ndi yomwe ndinganene kuti ngati malemba akukupwetekani maso ibwezeni, maso ndi ofunika kuposa ma MB ochepawo.

Ziwiri zapansi zokha musazichotse. Persistent bitmap caching imasunga tizithunzi tomwe mwalandira kale pa laputopu yanu kuti tisamabwerenso kawiri, ndipo Reconnect if the connection is dropped imayesa kukulumikizaninso yokha netiweki ikaduka kwa kanthawi.

Pa Local Resources dinani Settings pansi pa Remote audio nkusankha Do not play. Chotsaninso Printers ngati simukupulinta. Clipboard mutha kuisiya koma samalani nayo, mukakopera fayilo uko nkuiphatika pa laputopu yanu fayilo yonseyo idutsa pa bandulo yanu, ya 200 MB idya 200 MB basi, palibe setingi yochepetsa zimenezo.

Kuti musamabwereze zonsezi tsiku ndi tsiku, bwererani pa General nkudina Save As, isunga fayilo yothera ndi `.rdp`. Mukaitsegula ndi Notepad muona mizere ngati iyi, womwe palibe muulembemo nokha, ndipo mutha kuisintha pamanja ngati kukula komwe mukufuna sikukupezeka pa kokoka kaja:

```
screen mode id:i:1
desktopwidth:i:1280
desktopheight:i:768
session bpp:i:16
connection type:i:1
networkautodetect:i:0
disable wallpaper:i:1
disable full window drag:i:1
disable menu anims:i:1
audiomode:i:2
smart sizing:i:1
```

Mzere womalizawo umathandiza ngati windo ikuoneka yaing'ono, umakulolani kuitambasula ndi mausi, chithunzi chimakulitsidwa pa laputopu yanu pomwepo popanda kuonjezera deta, kungoti malemba amaoneka osalala pang'ono ngati kuli nkhungu. Ine ndili ndi mafayilo awiri, ina ya kumudzi ina ya pa Wi-Fi yabwino.

Tsopano pali zina zomwe zimatsalabe mu kompyuta yakuofesiyo. Mukalowa, dinani Start wa kompyuta yakutaliyo, osati wa laputopu yanu, lembani `SystemPropertiesPerformance` nkutsegula, sankhani Adjust for best performance kenako OK. Pa Windows 11 pitaninso ku Settings, Accessibility, Visual effects nkuzimitsa Animation effects. Izi zinandithandiza mu Excel, chifukwa kabokosi kobiriwira kaja kamatsetsereka kuchoka pa selo ina kupita pa ina, ndipo kutsetsereka kumeneko ndi zithunzi zingapo mmalo mwa chimodzi. Mukazimitsa kamangodumpha.

Dzanja lanu nalonso lizolowere. Kusikolola ndi kagudumu ka mausi kumasuntha tsamba pang'onopang'ono kambirimbiri, pomwe Page Down imasintha kamodzi. Mu Excel ngati mukudziwa komwe mukupita dinani Ctrl ndi G nkulemba `A850` mwachitsanzo, mufika pomwepo osadutsa mizere 800. Bulawuza yakuofesi musatsegulemo masamba okhala ndi mavidiyo kapena zotsatsa malonda zoyendayenda, ngakhale simukuziyang'ana bola zikuoneka pa sikirini zikutumizidwa. Ndipo mukaimirira kukaphika tiyi kapena kuyankha foni, itsitseni windo ya Remote Desktop pansi ndi kabatani ka mzere kaja, ikakhala yotsitsa kompyuta inayo imasiya kutumiza zithunzi.

Musangokhulupirira za ine, yezani. Pa laputopu yanu, Windows ndi R, lembani `resmon`, pitani pa Network nkuyang'ana mzere wa `mstsc.exe` pansi pa Receive (B/sec). Gwirani ntchito yanu yanthawi zonse kwa mphindi zisanu mukuyang'anako. Nambala yomwe ikubwera kawirikawiri muichulukitse ndi 3,600, chifukwa mu ola muli masekondi 3,600. Tiyerekeze mukuona 100,000, ndiye kuti pa ola ndi 360 MB, bandulo ya 1 GB siikwana maola atatu. Mukakonza nkuona 25,000, pa ola ndi 90 MB, 1 GB yomweyo ikufikitsani maola 11. Manambala anu akhala ena malinga ndi ntchito yanu, koma muyeze musanasinthe ndi mutasintha, ndipo pamenepa mpomwe mungaonenso ngati 16 bit ija ikukuthandizani kapena ayi.

Pa sikirini yomweyo mutha kupeza kuti wakuba bandulo si Remote Desktop nkomwe. Kwa ine tsiku loyamba lija laputopu imatsitsa maapudeti chamseri chifukwa hotisipoti imaiona ngati Wi-Fi wamba. Pitani pa Settings, Network & Internet, Wi-Fi, dinani dzina la hotisipoti yanu nkuyatsa Metered connection, pa Windows 10 pamalembedwa Set as metered connection. Ngati muli ndi OneDrive kapena Google Drive iimitseni kaye. Onaninso kuti bandulo mwagula, kaya ya Airtel kaya ya TNM, ndi ya intaneti yonse, ija ya WhatsApp kapena Facebook yokha siigwira pa izi.

Pali vuto limodzi lomwe masetingi onsewa sangachize. Ngati mwachepetsa zonse, sikirini ikujambulika msanga, koma mukalemba chilembo chikuchedwabe kuoneka, ndiye kuti nkhani si kukula kwa chithunzi, ndi nthawi yomwe uthenga ukutenga kupita ndi kubwera. Pa Full Screen pamwamba pamakhala kabala kabuluu kokhala ndi chizindikiro cha timizere ta netiweki, mukadina pamenepo kakuuzani mmene kulumikizana kulili. Kapena tsegulani `cmd` nkulemba izi, mmalo mwa adiresiyo muike ya kompyuta yakuofesi, yomweyo mumalemba polowa mu Remote Desktop:

```
ping -n 20 192.168.1.10
```

Yang'anani `time=`. Ikakhala pansi pa 100ms mugwira ntchito bwinobwino, ikamapitirira 300ms kapena mukamaona Request timed out pafupipafupi, vuto lili pa netiweki. Makompyuta ena sayankha ping dala, ndiye ngati mizere yonse 20 yakana pomwe Remote Desktop ikulowa, musadandaule nazo. Mankhwala ake apa ndi a pamanja: onani ngati foni ili pa 4G osati pa E kapena H, isunthireni pa zenera, ndipo ilumikizeni ku laputopu ndi chingwe nkuyatsa USB tethering, foni imachajikanso pomwepo. Ine foni ndinaiika pa zenera loyang'ana kumsewu, ntchito yolemetsa nkumaigwira mmamawa anthu asanadzazane pa netiweki, ndipo malipoti aja ndinawamaliza tsiku lachitatu ndi bandulo yachiwiri isanathe.